Wodandaulidwa akakhala kapitawo, mlandu upite kwa yani?

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito mosungira katundu pa sitolo ina yaikulu. Mwezi wathawu kapitawo wake ankamutsaliritsa anzake akaweruka kuti awerenge matumba a shuga ndi makatoni a sopo. Maola onse anakwana 12, koma pa kapepala ka malipiro ovataimu palibe. Atafunsa, kapitawo anangoti, "Ngati yakutopetsani ntchito, mayi, pageti pali anthu."

Malamulo a m'makampani ambiri amati dandaulo liyambire kwa wokuyang'anira. Apa mpamene zimavutira, chifukwa wodandaulidwayo ndi yemweyo. Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. Mayiyu apite kwa bwana wa kapitawoyo kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo womulandira asamubweze ndi mawu akuti "kakambiraneni nokha". Mawu amenewa akwirira madandaulo ambiri.

Ntchito yoyamba ya wolandira ndi kumvetsera, pambali, chitseko chili chotseka. Kenako nkhaniyo ilembedwe: masiku ake, maola ake, mawu amene ananenedwa, ndi amene analipo. Ngati mayiyu kulemba kumamuvuta, wina alembe, amuwerengere, iye asaine n'kutenga kope lake. Afunsidwenso chimene akufuna. Ambiri safuna kuti munthu achotsedwe ntchito. Akufuna ndalama zawo ndi mtendere. Ngati ali m'bungwe la ogwira ntchito, abwere ndi nthumwi yake, apo ayi mnzake womukhulupirira.

Kufufuza kusanayambe, mayiyu atetezedwe. Pa masabata amenewa kapitawo asakhale wosainira tchuthi chake kapena wolemba lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito. Ndimaona kuti mabwana ambiri amathamangira kusamutsa wodandaulayo, ati kuti "zizizire". Uku n'kulakwitsa. Anzake akaona kuti wolankhula ndiye wachotsedwa pamalo pake, palibenso adzatsegule pakamwa.

Kapitawo nayenso ndi wantchito, ndipo ali ndi ufulu womvedwa. Auzidwe m'kalata chimene akudandaulidwa, apatsidwe masiku angapo okonzekera, ayankhe. Achenjezedwenso kuti asakafunse mayiyu za nkhaniyi kapena kunong'oneza mboni. Wofufuza asakhale mnzake wapamtima kapena womuopa. Pakampani yaing'ono bwino kuitana munthu wa nthambi ina.

Umboni weniweni nthawi zambiri uli m'mabuku. Buku la alonda pageti lionetsa nthawi imene mayiyu ankatuluka. Makadi owerengera katundu ali ndi dzanja lake ndi deti. Zolembedwazi zitengedwe tsiku lomwelo, masamba asanayambe kusowa. Mboni zifunsidwe mmodzimmodzi, chifukwa zikakhala pamodzi zimayang'anana kumaso, ndipo pamaso pa kapitawo zimati sizinaone kanthu. Mboni zitatu zikamayankha ndi mawu ofanana ndendende, dziwani kuti wina waziphunzitsa.

Tinene kuti buku la pageti latsimikizira maola 12 aja. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati ovataimu ya tsiku logwira ntchito ilipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ya tsiku lopuma ilipidwe kawiri. Ngati mayiyu amalandira K800 pa ola, ola la ovataimu ndi K1,200, ndiye maola 12 ndi K14,400. Koma mawu a "pageti pali anthu" alibe mboni, ndipo kapitawo akukana. Chigamulo chinene zoona pa mfundo iliyonse payokha: ya ndalama yatsimikizika, ya mawu sinapezeke umboni wokwanira. Izi sizitanthauza kuti mayiyu wanama, ndipo asalangidwe nazo.

Chigamulocho chiperekedwe m'kalata kwa onse awiri, ndi zifukwa zake, ndi dzina la bwana wina amene wosakhutira angakachiteko apilo. Ngati kapitawo afunika chilango, umenewo ndi mlandu wina, wokhala ndi kalata yakeyake ndi tsiku lake lomvedwa.

Pakatha mwezi, amene analandira dandaulo amuitanenso mayiyu. Kubwezera kumabwera mwakachetechete: tchuthi chokanidwa, ntchito zolemera zonse kugwera iye, makalata a chenjezo pa tinthu timene kale sitinali mlandu. Lamulo lomwe lija, m'gawo 57, limati kusumira abwana pa kuphwanya malamulo si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo gawo 60 limalola wantchito kusiya popanda notisi ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti sangapitirize. Zikafika apo, mayiyu akadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lake pasanathe miyezi 3, ndipo kumeneko zikakanika nkhaniyo ipita ku khoti loona za ntchito.