Ulendo wa Bilu M'nyumba Ziwiri za Malamulo ku Mangalande

Ku Mangalande bilu imadutsa m'nyumba ziwiri: ya aphungu 650 osankhidwa ndi anthu, ndi ya Malodi, omwe sachita kuvoteredwa.

Tiyitsate bilu yoyambira kwa aphungu. Poyamba amangowerenga mutu wake, popanda zokambirana. Pakuwerenga kwachiwiri amatsutsana pa cholinga chake n'kuvota. Ikagwa apa, yathera pomwepo. Ikapulumuka imapita ku komiti, ndipo wophunzira achite chidwi apa, chifukwa ndi pamene aphungu amaisanthula ndime ndi ndime, kuchotsa mawu ena ndi kuwonjezera ena. Kenako imabwerera ku nyumba yonse kuti ione zosinthazo, n'kuivotera komaliza pakuwerenga kwachitatu.

Kwa Malodi imayambanso ulendo womwewo. Akasintha ngakhale liwu limodzi, imabwerera kwa aphungu, ndipo imapita uku ndi uku mpaka nyumba zonse zitagwirizana mawu amodzimodzi. Ikatero Mfumu imavomereza, bilu n'kusanduka lamulo.

Nanga akakanika kumvana? Malamulo a 1911 ndi 1949 amati Malodi angachedwetse bilu ya zachuma mwezi umodzi wokha, ndipo mabilu ena ambiri pafupifupi chaka. Zinaoneka pa bilu yoletsa kusaka nkhandwe ndi agalu: aphungu anaivomereza mu 2003, koma kwa Malodi inatsakamira. Mu 2004 aphungu anaivomerezanso, ndipo inakhala lamulo Malodi asanalole. M'pake, pakuti mawu omaliza ayenera kukhala a osankhidwa.