Lonjezo la 99.9 peresenti: mphindi 43 zimene kampani yaloledwa kukusiyani opanda intaneti

Wogulitsa intaneti akafika mu ofesi ndi fomu ya kontrakiti, chala chake chimathamangira pa nambala imodzi: 99.9 peresenti. Ndi lonjezo lakuti netiweki izikhala ikugwira ntchito pafupifupi nthawi zonse, ndipo limalembedwa mu gawo la mgwirizano limene pamapepala amalifupikitsa kuti SLA. Ambirife timasaina mosakayika, poganiza kuti mwana akakhoza 99.9 pa mayeso palibe chomufunsanso. Koma nambalayi ili ndi mbali ina. Ikunenanso kuti pa mphindi 1,000 zilizonse, kampani ili ndi chilolezo cha mphindi imodzi yoti zinthu zithime popanda kukhala ndi mlandu.

Mwezi wa masiku 30 uli ndi mphindi 43,200. Gawo limodzi pa magawo 1,000 a nthawiyi ndi mphindi 43 ndi masekondi 12. Pa chaka chathunthu, chimene chili ndi maola 8,760, chilolezocho chimafika maola 8 ndi mphindi pafupifupi 46, tinene tsiku lonse lantchito. Kanambala ka kumapetoko kakasintha pang'ono, kusiyana kwake n'kwakukulu: 99 peresenti imalola maola 7 ndi mphindi 12 pamwezi, pomwe 99.99 imalola mphindi 4 ndi masekondi 19 basi. N'chifukwa chake naini aliyense wowonjezera amadula. Kuti kuthima kusapitirire mphindi zinayi pamwezi, sipangadikiridwe munthu wodzuka pabedi kukakonza. Pamafunika makina achiwiri amene amalanda ntchito okha, enawo akangofa.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa katundu wapikulitsa ku Limbe, imene imalipira K300,000 pamwezi pa intaneti ya faiba. Makina olembera malisiti komanso kamakina kolipirira ndi khadi zonse zimadalira chingwe chimenechi. Pa 30, tsiku limene anthu alandira malipiro, netiweki yathima 9 koloko m'mawa n'kudzabwera 2 koloko masana. Maola asanu amenewo makasitomala akhala akuima pamzere, ena n'kubweza katundu m'mashelefu n'kulowa sitolo ya pafupi.

Mwini sitolo akawerengera, apeza kuti pa maola 720 a mweziwo netiweki yagwira maola 715, kutanthauza 99.3 peresenti. Lonjezo laphwanyidwa, atero iye. Koma zitengera zimene zinalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono zija. Ngati mgwirizano ukunena kuti 99.9 imayezedwa pa chaka, maola asanuwo akwana bwinobwino m'chilolezo cha maola 8 ndi mphindi 46, ndipo kampani ilibe ngongole ngakhale ya tambala. Nambala ndi yomweyo, yangosiyana nthawi yoyezera. Ineyo ndikapatsidwa kontrakiti yotere, mawu oyamba amene ndimasaka ndi akuti "pamwezi" kapena "pachaka", ndisanayang'ane n'komwe mtengo.

Chachiwiri ndi wotchi: imayamba liti kuwerenga? Migwirizano yambiri imati kuthima kumayamba pamene kasitomala wadandaula ndipo wapatsidwa nambala ya tikiti. Ngati anyamata a m'sitolo anataya maola awiri akuzimitsa ndi kuyatsa rauta, n'kudzaimba foni 11 koloko, m'buku la kampani muli maola atatu okha. Nthawi imene kampani inalengezeratu kuti ikonza zipangizo nayo kawirikawiri siwerengedwa, chimodzimodzi zinthu zimene amati sakanatha kuziletsa, monga kusefukira kwa madzi. Magetsi akathima kwa inu, rauta n'kufa chifukwa jenereta ilibe mafuta, limenelo ndi vuto lanu. Ndipo nambalayi sisiyanitsa 2 koloko ya usiku ndi 10 koloko ya m'mawa wa kumapeto kwa mwezi. Mphindi ndi mphindi.

Tinene kuti zonse zamuyendera mwini sitolo: muyezo ndi wa pamwezi, tikiti anaitenga nthawi yomweyo. Chimene alandire si chipukuta misozi cha malonda amene anataya. Ndi kuchotseredwa pa bilu ya mwezi wotsatira, gawo la ndalama zimene amalipira kale. Ngati mgwirizano ukuti 10 peresenti, ndiye K30,000, ngakhale tsikulo malonda a mamiliyoni atapita kwa woyandikana naye. Kawirikawiri pamakhalanso chiganizo chonena kuti kuchotserako ndiye malipiro okhawo amene kasitomala angafune.

Musaganize kuti awa ndi machenjera a makampani ang'onoang'ono okha. Amazon ili ndi ntchito yosungira mafayilo yotchedwa S3, imene mawebusaiti ndi maapu ambirimbiri padziko amaidalira, ndipo lonjezo lake ndi 99.9 peresenti pamwezi. Ikatsika pansi pa 99.9 koma osafika pansi pa 99, kasitomala amachotseredwa 10 peresenti ya bilu. Ikatsika pansi pa 99 koma osafika pansi pa 95, amachotseredwa 25 peresenti. Ndalamazi sizibwera zokha. Kasitomala ayenera kulemba pempho nthawi yake isanathe, atchule masiku ndi maola, aperekenso umboni wochokera m'zolemba za makina ake.

Pa 28 Febuluwale 2017, wogwira ntchito wina wa kampaniyi, pofuna kuchotsa maseva ochepa pokonza vuto lina, analakwitsa polemba lamulo pa kompyuta ndipo anachotsa ambiri. S3 m'chigawo cha kumpoto kwa Virginia ku America inasokonekera kwa maola pafupifupi anayi, ndipo mawebusaiti ochuluka anagwa nayo limodzi. Febuluwale wa chaka chimenecho anali ndi maola 672. Maola anayi ndi pafupifupi 0.6 peresenti, choncho mweziwo unathera cha pa 99.4. Chisokonezo chimene chinamveka padziko lonse chinagwera pa mlingo wotsikitsitsa uja wa 10 peresenti, ya bilu ya S3 yokha.

Palinso masamu ena amene ogulitsa satchula. Kuti kasitomala wa m'sitolo ya ku Limbe ija alipire ndi khadi, pafunika zinthu zitatu zigwire nthawi imodzi: intaneti ya sitolo, kampani yoyendetsa malipiro, ndi makompyuta a banki. Chilichonse chikalonjeza 99.9, malonjezowo amachulukitsidwa: 0.999 × 0.999 × 0.999 imapereka pafupifupi 0.997. Pamwezi amenewo ndi maola awiri ndi mphindi pafupifupi 10 zoti malipiro akanike, aliyense mwa atatuwo atasunga lonjezo lake. Mukadandaula, aliyense akuonetsani lipoti loyera.

Masamu omwewo amatha kukuthandizani mukawatembenuza. Mizere iwiri ya intaneti yosadalirana, uliwonse wa 99.9, mwayi woti ithime nthawi imodzi ndi umodzi pa miliyoni. Vuto lili pa mawu akuti yosadalirana. Makampani awiri akhoza kukhala ndi mayina osiyana koma zingwe zawo zikudutsa ngalande imodzi, moti wokumba msewu mmodzi adula zonse ndi khasu limodzi. N'chifukwa chake sitolo yochenjera imaika faiba mbali ino, rauta ya simu khadi mbali inayo, zonse pa batire.

Mwini sitolo uja akadzakhala pansi kukonzanso kontrakiti, chimene angapindule nacho kuposa naini wowonjezera ndi chiganizo chonena za nthawi yokonzera: kuti tikiti ikatsegulidwa, amisiri ayankhe m'mphindi zingati ndipo vuto lithe m'maola angati, komanso kuti lonjezo likaphwanyidwa miyezi itatu yotsatizana akhale ndi ufulu wochoka popanda chindapusa. Pakauntala pazikhalanso kope lolembamo tsiku, ola limene netiweki yathima, ola limene yabwera, ndi nambala ya tikiti, chifukwa tsiku lokangana kampani idzabwera ndi mawerengero ake.