Maola 11 pa sabata: ndandanda ya namwino wokonzekera mayeso ali pantchito

M'zipatala zambiri m'Malawi muli anamwino amene masana amagwira ntchito m'wodi, madzulo n'kukalera ana, kwinaku akuwonjezera maphunziro kuti akwere pa udindo. Pamapeto pake pamakhala mayeso a kukoleji, kenako a Bungwe la Anamwino ndi Azamba, omwe amapatsa munthu chilolezo chogwira ntchito pa udindo watsopanowo. Wophunzira wogonera pasukulu amatha kuwerenga tsiku lonse, koma kholo lapantchito limachita kutolera nthawi pang'onopang'ono. Ndandanda yake iyenera kuchokera pa rosita ya kuntchito, ndipo mutu uliwonse uziwonekeramo kangapo.

Kubwereza kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti zambiri zomwe munthu waloweza kumene zimaiwalika m'maola ndi masiku oyambirira. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke ku America anagawa ophunzira m'magulu: ena ankangowerenga nkhani mobwerezabwereza, ena anawerenga kamodzi kenako n'kumalemba zomwe akukumbukira osayang'ana. Patapita sabata, oyamba aja anakumbukira 40 peresenti, pamene odziyesa okha anakumbukira 61 peresenti. Choncho kwa munthu wa nthawi yochepa, kutseka buku n'kudzifunsa kumapindula kuposa kulemba mizere pansi pa mawu m'manotsi.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha mayi wa ana awiri, namwino ndi mzamba pachipatala cha boma, amene watsala ndi masabata 12 kuti alembe. Asanajambule ndandanda amatenga silabasi n'kugawa mitu m'magulu atatu: yomwe angafotokoze osatsegula buku, yomwe akuidziwa mwa apo ndi apo, ndi yomwe imamusokoneza. Gulu lomalizali ndilo limatenga nthawi yabwino. Anamwino ambiri amathamangira mitu ya wodi yomwe akugwiramo chifukwa imakoma kuwerenga, pamene ofunsa mayeso amatenga mafunso m'silabasi yonse.

Sabata yomwe ali pa ntchito yamasana, nthawi yabwinoyo ndi 4:30 mpaka 5:30 m'mamawa, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ana asanadzuke ndiponso madzi osamba asanatereke. Lolemba ndi Lachiwiri ndi za matenda a akuluakulu ndi odwala a opaleshoni, Lachitatu ndi Lachinayi ndi za uzamba, Lachisanu ndi za ana ndi umoyo wa m'madera. Ola lililonse limagawika patatu: mphindi 10 zolemba za dzulo osayang'ana, mphindi 35 za mutu watsopano umodzi wokha, ndi mphindi 15 zotseka buku n'kulemba zomwe zatsala m'mutu.

Pa maola 5 amenewa amawonjezerapo tinthawi tina. Mphindi 15 tsiku lililonse lantchito, mu minibasi kapena pa nkhomaliro, ndi za timakhadi tolembedwa funso kutsogolo, yankho kumbuyo. Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, ana akamalemba ntchito yakusukulu, iyenso amakhala nawo patebulo kwa theka la ola kuwerengetsera mankhwala. Loweruka ndi maola 3: awiri olemba pepala la mayeso akale akuyang'ana wotchi, limodzi lochonga. Lamlungu akabwera kutchalitchi amatenga mphindi 45 kuwerenga kope la zomwe walakwitsa ndi kukonza sabata yotsatira. Zonse pamodzi ndi maola 11.

Mutu wa kutaya magazi mayi akangobereka ukusonyeza bwino momwe ndandandayi imagwirira ntchito. Lachitatu m'mamawa amawerenga kuti vutoli ndi kutaya mamililita 500 kapena kuposerapo, ndipo gwero lake limakhala chimodzi mwa zinayi: chiberekero kulefuka, kung'ambika kwa njira yoberekera, zotsalira za nsengwa, kapena magazi kusaundana. Lachinayi, m'mphindi 10 zoyambirira, amalemba zinayizo pamtima pamodzi ndi zoyenera kuchita: kuitana anzake, kusisita chiberekero, kupereka okisitosini, kuika diripi ndi kukhuthula chikhodzodzo. Akaiwala chikhodzodzo, mfundoyo imapita pa khadi. Loweruka amasankha funso la mutu womwewo m'pepala lakale, ndipo Lachitatu lotsatira khadi lija limatulukanso mu minibasi. Wakumana ndi mutuwo kanayi m'masiku 8, koma buku analitsegula mokwanira kamodzi kokha.

Masamu a mankhwala amafuna pensulo ndi pepala, n'chifukwa chake ali ndi malo awoawo. Funso likati mamililita 1000 alowe m'maola 8 ndi seti yotulutsa madontho 20 pa mililita, amachulukitsa 1000 ndi 20 n'kugawa ndi mphindi 480. Yankho ndi madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Amene waiwala kusandutsa maola kukhala mphindi amapeza 2500, nambala yomwe yokha imasonyeza kuti china chalakwika. Mafunso asanu otere pa theka la ola ndi okwanira.

Sabata ya naiti imakhala ndi ndandanda yakeyake, pafupifupi theka la inayi. Akaweruka m'mawa amakagona, chifukwa tulo ndi tomwe timakhazikitsa zophunzira m'mutu, ndipo wowerenga akusinza amangotembenuza masamba. Ola lake limasamukira masana akadzuka, cha m'ma 3 koloko, ndipo limakhala la makhadi ndi mafunso akale, osati mitu yatsopano yovuta. Ntchitonso imathandiza pa mayeso a zochita ndi manja. Podzaza patogirafu, pomvetsera mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, kapena poyeza kutseguka kwa khomo la chiberekero maola 4 aliwonse, amatha kumatchula chamumtima sitepe iliyonse ndi chifukwa chake monga adzachitire pamaso pa woyesa.

Pakhomo pamafunika kupangana poyera. Bambo, mchemwali kapena woyandikana naye adziwe kuti Loweruka kuyambira 8 mpaka 11 koloko ana ali m'manja mwawo, ndipo ngati panyumba pali phokoso, kalasi yopanda anthu kapena chipinda cha kutchalitchi chimathandiza. Nyale ya sola ndi foni zikhale zotchajiratu chifukwa magetsi amatha kuzima m'mamawa. Maola 2 a Lamlungu masana amasiyidwa opanda kanthu. Mwana akadwala malungo, kukagwa maliro, kapena akaitanidwa kukagwirira mnzake, mutu wophonyedwa umapita m'maola amenewo. Zophonyedwa zikaposa maola 2, amasankha mutu wofunika kwambiri, ina n'kudikira sabata yotsatira, kusiyana n'kuchezera usiku wonse.

Pepala la Loweruka ndilo limaulula ngati ndandanda ikugwira. Malikisi akaima pamodzimodzi masabata atatu, nthawi zambiri ndiye kuti mphindi zotseka buku zasanduka zowerenga. Akamazindikira yankho poliona koma n'kulephera kulilemba yekha, vuto ndi lomwelo. Akaphonya m'mamawa katatu motsatizana, ola logonera ndilo liyenera kusintha: wodzuka 4:30 amafunika kukhala ali pabedi pofika 9:30 usiku kuti apeze maola 7.

Masabata 12 aja amagawika motere: 8 oyamba ndi a mitu, 3 otsatira ndi a mapepala akale awiri pa sabata ndi kukonza zolakwa, ndipo yomaliza ndi ya makhadi ndi kope la zolakwa basi. Pempho la tchuthi kapena losinthana naiti ndi mnzake pa masiku omalizawo liyenera kufika kwa mkulu wa wodi rosita ya mwezi umenewo isanalembedwe.