Mtsetse wa ku Chikwawa ndi Chinsinsi cha Chilembo cha M

Msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa umatsika pafupifupi mamita 900 usanafike ku chigwa cha Shire, ndipo gawo lalikulu la mtsetsewo lili m'makona otsatizana a pa phiri. Amene amadutsako kawirikawiri amalidziwa fungo la mabuleki opserera limene limatsagana ndi galimoto zina zikamafika kumunsi. Nthawi zambiri galimoto yotere ilibe vuto lililonse. Dalaivala wake wangotsika phiri lonse giya ili pa D, phazi lili pa buleki, pomwe njira yopeputsira mabulekiwo inali m'manja mwake momwemo.

Galimoto yolemera makilogalamu 1,300 ikamatsika mamita 900 imayenera kutaya mphamvu yokwanira kuwiritsa madzi ozizira oposa malita 30. Mphepo ndi matayala zimadyako pang'ono, koma yotsalayo imasanduka kutentha. Mabuleki akasenza okha ntchitoyi, kutentha konseko kumathera m'timapadi ndi m'madisiki a kumawilo.

Akatentha kwambiri, mabuleki amafooka m'njira ziwiri, ndipo phazi limatha kuzisiyanitsa. Mapadi akapsa, chopondera chimakhalabe cholimba koma galimoto simvera, ndipo fungo limayamba kulowa m'kati. Mafuta a mabuleki akawira, chopondera chimafewa n'kumalowa mpaka pansi, chifukwa m'mapaipi mwadzaza nthunzi imene imangofinyika osakankha kanthu. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma amayamwa chinyezi chaka ndi chaka, ndipo okalamba amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Galimoto yogulidwa ku Japan itayenda kale, imene mafutawa sanasinthidwepo chifikireni, imakhala pangozi imeneyi mwini wake osadziwa.

Injini imathandiza motere. Dalaivala akachotsa phazi pa moto, khomo lolowera mpweya mu injini ya petulo limatsekeka, ndipo kompyuta ya galimoto za masiku ano imaleka kupereka mafuta. Apa zinthu zimatembenuka: mawilo ndi amene amazunguza injini, ndipo injiniyo imakana, poti mapisitoni ake akuyesa kukoka mpweya pa khomo lotseka. Kukanako n'kumene kumagwira galimoto. Giya ikakhala yotsika, injini imazungulira kambiri pa kuzungulira kumodzi kwa wilo, motero imagwira mwamphamvu. Vuto la D n'lakuti giyabokosi inapangidwa kuti izipulumutsa mafuta, choncho imathamangira giya yapamwamba, momwe injini imagwira pang'ono zedi. Galimoto zina zatsopano zimazindikira mtsetse n'kutsitsa giya zokha, koma zambiri za m'misewu ya kuno sizitero.

Apa m'pamene pamabwerera chilembo cha M, kapena S pa galimoto zina, chokhala ndi + ndi − pambali pake, komanso timapadulo tiwiri tobisala kuseri kwa chiwongolero. Kakumanzere kamatsitsa giya, kakumanja kamakweza. Luso limeneli linachokera ku mipikisano: Ferrari inalowa nalo mu Formula One mu 1989, Nigel Mansell n'kupambana mpikisano woyamba wa chakacho ku Brazil, ndipo mu 1997 kampaniyo inaliika m'galimoto yake ya mumsewu ya F355.

Timapadulo sitigwira giya ndi chitsulo chilichonse. Ndi masiwichi amagetsi otumiza pempho ku kompyuta ya giyabokosi, ndipo kompyutayo ili ndi ufulu wokana. Ikaona kuti giya yopemphedwayo ikankhira injini kupyola mzere wofiira wa pa dashibodi, imangosiya. Galimoto zambiri za Toyota zimalira kawiri kudziwitsa dalaivala kuti pempho lakanidwa. N'chifukwa chake munthu amene wachedwa, galimoto itathamanga kale, amakoka padulo koma osaona kusintha. Ayenera kuyamba waponda buleki, liwiro litsike, kenako apemphenso.

Pali msampha wina umene umakola anthu ambiri. Padulo ikakokedwa ndodo ya giya ili pa D, galimoto zambiri zimamvera kwa kanthawi kochepa, kenako zimabwerera ku D mwakachetechete, mwina pakati penipeni pa mtsetse. Kuti giya ikhazikike, ndodoyo iyenera kukhala pa M kapena S. Komanso pa galimoto zina za Toyota, S4 pa dashibodi satanthauza kuti galimoto ili mu giya yachinayi, koma kuti siidzapitirira giya imeneyo.

Manambala a galimoto ya magiya anayi, monga Corolla yakale, akusonyeza bwino kusiyanaku. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, mu giya yachinayi injini imazungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi, ndipo pa mtsetse waukulu galimoto imangothawa. Mu giya yachitatu imafika cha m'ma 2,100, zomwe zimakwanira pa mtsetse wofatsa. Mu yachiwiri imakwera kudutsa 3,000, ndipo apa dalaivala amamva ngati wina wagwira galimoto kumbuyo. Giya yoyamba pa liwiro lomweli ingafikitse injini pa 6,000, m'mphepete mwa mzere wofiira, ndiye ntchito yake ndi ya potsetsereka kwambiri pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono.

Choncho dalaivala wodziwa, asanalowe m'makona a phiri la ku Chikwawa, ku Chiweta kapena pa msewu wotsikira ku Golomoti, amachepetsa liwiro adakali pamwamba, n'kutsitsa giya imodzi imodzi mpaka galimoto itasiya kuthawa. Ikayambanso kuthamanga amaponda buleki molimba kwa kamphindi, liwiro litsike ndithu, n'kuchotsa phazi kuti madisiki apume. Ngati akufunika kuponda pafupipafupi, giya idakali yapamwamba. Injini imalira mokweza, inde, ndipo apaulendo ena amayamba kuyang'anana, koma 3,000 kapena 4,000 si kanthu kwa injini ya petulo imene mzere wake wofiira uli cha m'ma 6,000. Mafutanso siikumwa nthawi imeneyo. Amene amaika pa N poganiza kuti akupulumutsa petulo ndiye akutaya pawiri: injini imafuna mafuta kuti isazime, ndipo mabuleki amatsala okha.

Galimoto zopanda M kapena timapadulo sizinaiwalidwe. Zakale zili ndi 2 ndi L pansi pa D, komanso batani la O/D OFF loletsa giya yapamwamba. Honda Fit ndi zinzake za giyabokosi ya CVT zilibe magiya enieni, zimayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, koma kompyuta imaika masitepe, asanu ndi awiri pa ma Fit okhala ndi timapadulo, ndipo injini imagwira chimodzimodzi. Pa Prius ndi Aqua pali B. Galimotozi zimachepetsa liwiro potchaja batire, koma pa phiri lalitali batire imadzaza, ndipo B imabweretsa injini kuti ithandize.

Njirayi ili ndi malire ake. Magetsi a buleki akumbuyo sayaka injini ikamagwira yokha, choncho minibasi ikakhala pafupi kumbuyo n'kwanzeru kukhudzako buleki kuti dalaivala wake aone. Pa msewu wonyowa kapena wamatope, kutsitsa magiya awiri nthawi imodzi kungachititse mawilo okoka kuterereka. Ndipo ngati chopondera chayamba kale kufewa, giya yotsika ingothandiza kufika pamalo otetezeka oimapo. Pamenepo galimoto iyenera kuima mpaka mabuleki atazizira, osawathira madzi chifukwa madisiki otentha amatha kupindika kapena kung'aluka, ndipo mafuta a mabuleki asinthidwe ulendo wina usanachitike.