Amisiri oyeza mafunso a kafukufuku

Malungo amaonekera m'magazi, koma matenda ovutika maganizo amayezedwa ndi mafunso. Ndiye pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza mafunsowo asanayambe kugwiritsidwa ntchito: omasulira, ofunsa anthu m'midzi ndi m'zipatala, ndiponso katswiri wa ziwerengero amene amalandira mayankho onse pa kompyuta.

Titenge SRQ-20, mndandanda wa mafunso 20 wa bungwe la World Health Organization. Munthu amayankha eya kapena ayi: kodi mutu umapweteka kawirikawiri, tulo timavuta, amalira kuposa kale? Ma eya akawerengedwa amapereka malikisi ake. Mafunsowa anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa amayi a ana aang'ono ku Malawi, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2009.

Katswiri amayamba ndi kuona ngati mafunsowo akugwirizana. Ngati onse akuyeza chinthu chimodzi, mayi amene wavomera za kulira ayenera kawirikawiri kuvomeranso za kusasangalala. Nambala yoonetsa zimenezi ndi alufa, imene Lee Cronbach anailongosola mu 1951. Ikayandikira 1 ndiye kuti mgwirizano ndi waukulu, ndipo ambiri amakhutira ikafika 0.7. Njira ina yoipezera ndi iyi, pamene `k` ndi kuchuluka kwa mafunso ndipo `r` ndi avereji ya mgwirizano wa mafunso awiriawiri:

```
alpha = k*r / (1 + (k-1)*r)
```

Tinene kuti `r` ndi 0.2, mgwirizano wochepa ndithu. Mafunso akakhala 5, alufa imatuluka 0.56, yosakwanira. Akakhala 20, `r` osasintha, imakwera kufika 0.83. Palibe funso limene lakonzedwa, angochuluka basi. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sagomera alufa yokha. Amaona funso lililonse mmene likuyendera ndi malikisi a anzake otsalawo, ndipo limene likuyenda lokha amalibweza kwa omasulira ndi ofunsa, amene amadziwa pamene anthu ankadodoma poyankha.

Chachikulu, alufa sinena ngati chimene chikuyezedwa ndi choyenera. Sikelo ya wogula chimanga ikhoza kumapereka makilogalamu omwewo tsiku lililonse koma ikuba makilogalamu awiri pa thumba. Mayi wochepa magazi amatopa, mutu umamupweteka, chakudya sachifuna. Mayankho akewo amagwirizana bwinobwino, malikisi n'kukwera, pamene vuto lake si la maganizo.

Apa m'pamene pamalowa wantchito wina, wa zamaganizo, amene amakhala pansi ndi mayi aliyense n'kumuunika mofatsa asakudziwa malikisi ake. Katswiri amafananiza mbali ziwirizo kuti apeze malire oyambira kukayikira matenda. Akawatsitsa, odwala ambiri amapezeka koma athanzi ambiri amatumizidwanso kwa dokotala. Akawakweza, mzere umafupika koma odwala ena amabwerera kwawo osathandizidwa. Malire opezeka pa amayi oyamwitsa sangangotengedwa kukayezera abambo kapena achinyamata. Kumeneko ntchito yofananiza imayambanso.