Polinomiyo ya zigawo zinayi: kuika m'magulu kukakana, pali njira ina

M'boma la Lago, kuyambira ku Metangula mpaka ku Cobue, ana ambiri amakula akulankhula Chinyanja, koma polinomiyo amakakumana nayo kusekondale m'Chipwitikizi. Lamulo amaliloweza bwino, koma likakana amaima pomwepo n'kulemba kuti polinomiyoyo siphwanyika. Kawirikawiri imaphwanyika ndithu.

Njira ya magulu imayenda motere. Pa x³ − 2x² − 5x + 10, zigawo ziwiri zoyamba zili ndi x² zonse, ndipo ziwiri zomaliza zimagawika ndi −5. Zimenezi zikatulutsidwa kunja pamatsala x²(x − 2) − 5(x − 2). Popeza x − 2 waonekera kawiri, nayenso amatuluka, ndipo yankho ndi (x − 2)(x² − 5). Ana ambiri amapunthwa pa chizindikiro: akatulutsa 5 m'malo mwa −5 amapeza −x + 2, n'kuganiza kuti njira yakana pamene siinakane.

Mphunzitsi angathe kudziwiratu ngati magulu awiriawiriwa agwira. Pa ax³ + bx² + cx + d, amagwira pokhapokha a kuchulukitsa ndi d ikafanana ndi b kuchulukitsa ndi c. M'chitsanzo chija mbali zonse zikupereka 10. Ndi bwino kuyesa zimenezi funso lisanalembedwe pabolodi.

Nanga x³ + 2x² − 5x − 6? Apa mbali ina ikupereka −6, ina −10, choncho magulu akanadi. Chotsatira ndi kufunafuna nambala imene ikaikidwa m'malo mwa x, zonse zimathera pa 0. Sikuti mwana azingolota: popeza x³ alibe nambala kutsogolo, zoyesa ndi zokhazo zimene zimagawa 6 popanda chotsala, ndizo 1, 2, 3 ndi 6, iliyonse ndi + kapena −. Nambala 1 imapereka −8, koma −1 imapereka −1 + 2 + 5 − 6 = 0. Ndiye kuti x + 1 ali m'gulu la zochulukitsa.

Mabuku a Chipwitikizi apa amagwiritsa ntchito lamulo la Ruffini. Kwa kalasi imene sinafikepo pa lamuloli, pali njira yosafuna china chatsopano: kung'amba zigawo zapakati kuti x + 1 aonekere m'gulu lililonse. 2x² amasanduka x² + x², ndipo −5x amasanduka x − 6x. Zigawo zakhala zisanu ndi chimodzi, magulu atatu: x²(x + 1) + x(x + 1) − 6(x + 1). Zimenezi ndi (x + 1)(x² + x − 6), ndipo pomaliza (x + 1)(x + 3)(x − 2).

Pakakhala zilembo ziwiri, magulu angakhale a zigawo zitatu ndi chimodzi: x² + 6x + 9 − y² ndi (x + 3)² − y², kutanthauza (x + 3 − y)(x + 3 + y).

Ilipo polinomiyo ina imene imakanadi. Pa x³ + x² + x + 2, nambala 1, −1, 2 ndi −2 zimapereka 5, 1, 16 ndi −4. Palibe 0. Apa pokha ndi pamene mwana ali ndi chifukwa cholembera kuti siphwanyika ndi nambala zathunthu, ndipo ayenera kuonetsa zinayi zimene wayesazo.