Musanagule tokeni yatsopano, funsani za amene akudikira kugulitsa

Tokeni yatsopano ikalowa pamsika wa ndalama za kiriputo, anthu ambiri amathamangira kuona mtengo. Komatu mtengo wa lero suuza munthu zambiri. Chofunika kudziwa n'chakuti ndani ali ndi matokeni ochuluka omwe anawapeza motchipa, ndipo adzaloledwa liti kuwagulitsa.

Taonani nkhani ya ARB, tokeni ya Arbitrum yomwe inatuluka mu Malichi 2023. Matokeni onse anali 10 biliyoni, koma omwe ankagulitsidwa pamsika poyamba anali pafupifupi 1.3 biliyoni basi. Tiyerekeze kuti imodzi inali pa dola imodzi. Pa CoinGecko mukanaona `Market Cap` ya madola 1.3 biliyoni, pomwe `Fully Diluted Valuation`, mtengo wa matokeni onse kuphatikiza otsekeredwa, ikanakhala madola 10 biliyoni. Manambala awiriwa akatalikirana chotere, dziwani kuti katundu wambiri akadali m'nkhokwe. Aliyense amene anagulitsapo chimanga m'mwezi wa Meyi akudziwa zomwe zimachitika kumtengo anthu onse akatulutsa matumba nthawi imodzi.

Nanga otsekeredwawo anali a yani? Pafupifupi 27 peresenti inapatsidwa kwa eni ntchito ndi alangizi awo, ndipo 17.5 peresenti kwa omwe anaikamo ndalama pachiyambi. Iwowa sankaloledwa kugulitsa kwa chaka chathunthu. Pa 16 Malichi 2024 chakacho chinakwana, ndipo matokeni oposa 1 biliyoni anamasulidwa tsiku limodzi, otsalawo n'kumatuluka mwezi ndi mwezi kwa zaka zina zitatu. ARB inali itadutsa madola awiri kumayambiriro kwa chakacho; pofika pakati pa chaka inali pansi pa dola imodzi. Zifukwa zinalipo zingapo, koma tsiku lomasulali linalengezedwa poyera kuyambira pachiyambi. Amene anawerenga ndondomekoyo sanadzidzimuke.

Ndipotu Arbitrum ndi ntchito yeniyeni, yomwe anthu amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Tokeni yomwe eni ake atenga theka la matokeni popanda kudziikira nthawi yodikira ndi yoopsa kuposa apa. Ine ndimati lonjezo lolembedwa m'kabuku kotsatsa malonda musalikhulupirire palokha. Funsani adiresi ya kontirakiti yomwe yatsekera matokeniwo, muione pa Etherscan. Tsegulaninso gawo la `Holders`. Mukapeza kuti mawaleti asanu kapena khumi, omwe si a msika kapena a kontirakiti yotsekera, akusunga gawo lalikulu, tsogolo la mtengo lili m'manja mwa anthu ochepawo.

Tsopano za oditi. Kontirakiti ndi pulogalamu yomwe imayendetsa tokeni, ndipo makampani monga OpenZeppelin ndi Trail of Bits amalipidwa kuti aifufuze ngati ili ndi zibowo. Vuto n'lakuti chizindikiro cha kampani yofufuza aliyense angathe kuchimata patsamba lake. Lipotilo kalipezeni patsamba la ofufuzawo, osati la ogulitsa tokeni. Onani deti lake, onani mafayilo omwe anafufuzidwa, chifukwa nthawi zina amafufuza kachigawo kochepa kapena pulogalamu yomwe inasinthidwa pambuyo pake. Kenako pitani pa zolakwika zolembedwa `Critical` ndi `High`. Ngati pambali pake palembedwa `Resolved`, zinakonzedwa. Ngati palembedwa `Acknowledged`, eni ake anangovomera kuti aziona, osakonza.

Gawo lomwe ambiri amalidumpha ndi lonena za mphamvu za mwini kontirakiti. Ngati `owner` angathe kuitana `mint`, angathe kupanga matokeni ena, ndipo ndondomeko yonse imene munawerenga ija ilibenso ntchito. Ngati pali `pause` kapena `blacklist`, angathe kukuletsani kugulitsa. Anthu omwe anagula tokeni ya SQUID mu 2021 anakumana nazo zotere: kugula kunkatheka, kugulitsa kunkakanika, mtengo unakwera kupitirira madola 2,800, ndipo eni ake anathawa ndi ndalama pa 1 Novembala. Mphamvuzi pazokha si umbava, matokeni odziwika ena ali nazo, koma muyenera kudziwa ngati kiyi yake ili ndi munthu mmodzi kapena pamafunika anthu angapo kusaina, komanso ngati kusintha kulikonse kumadikira masiku angapo kuti anthu akuone kusanachitike.

Ngakhale oditi yabwino ili ndi malire. Euler Finance inafufuzidwa kangapo, komabe mu Malichi 2023 inaberedwa pafupifupi madola 197 miliyoni, ngakhale kuti wakubayo anadzabweza zambiri. Ofufuza amayang'ana pulogalamu monga ilili pa nthawiyo. Sayang'ana ngati tokeniyo ili ndi ntchito, ngati mtengo wake ndi woyenera, kapena ngati eni ake adzagulitsa gawo lawo tsiku lomwelo lomasulidwa.